Nanga Pepala Litulukira Pati?

Kampani imene amuna anga ankagwirako ntchito ku Lusaka itagulitsidwa, iwo anabwera kuno ku Chadiza ndi sutikesi imodzi ndi kachikwama kakuda kolemera ngati njerwa. M'kachikwamamo munali laputopu. Anaigula tsiku limene kampaniyo inkagulitsa katundu wa m'maofesi, ndipo ndalama zambiri zimene anawapatsa powachotsa ntchito zinathera pomwepo. Anzawo anagula malata, ena mashini osokera, wina ng'ombe ziwiri. Anga anagula kompyuta yopinda ngati buku, n'kunena kuti akaigulitsa kuno apeza phindu lotsegulira golosale. Ine nditamva zimenezo ndinapsa mtima mpaka m'makutu munatentha, koma ndinangoti, "Mwachita bwino," chifukwa anali atangotsika kumene m'basi, fumbi lili m'nsidze.

Zinali kumapeto kwa zaka za m'ma naintini nainte. Ine ndinkagwira ntchito yotaipa pasukulu ina pafupi ndi boma, ndipo ndinkakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya amalume anga, alongo awo a mayi. Amalumewo ndiwo anali mwini mbumba, ndiwonso anali ankhoswe a ukwati wathu. Choncho munthu amene ankabwera patchuthi atavala tayi, atanyamula shuga ndi buledi wa m'tauni, tsopano anali mkamwini weniweni, wodya za kwa mkazi. Palibe amene anawanenapo kanthu. Azakhali, akazi a amalume, ankangotumiza mbale ya ndiwo kunyumba kwathu madzulo alionse, ndipo mbaleyo amuna anga ankaiyang'ana ngati yawatukwana.

Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti anandiuza maganizo awo. Anati laputopuyo ikapanda kugulidwa mvula isanagwe, abwerera ku Lusaka okha kukafuna maganyu, adzatiitana ine ndi mwana wathu zikadzayenda. Ine amuna opita motero ndinkawadziwa. Kutchalitchi kwathu kunali mzere wa amayi angapo amene ankadikira kuitanidwa kuyambira ana awo ali kumsana, ndipo anawo anali atayamba kale sukulu. Kuyambira tsiku limenelo laputopu ija inasanduka nkhani yanga.

Vuto linali kagulitsidwe kawo. Amuna anga anali munthu woona mtima, ndipo zonse za chinthucho anaziloweza pamtima ngati vesi la Sande sukulu. Ankapita nacho kwa aphunzitsi aakulu, kwa ogula thonje, kwa amalonda a pamsika, n'kuchitsegula mwaulemu, kenako n'kuyamba: "Iyi ndi fo eyiti sikisi. Ramu eyiti megabaiti. Hadi disiki firii handiredi fote megabaiti. Fulope dirayivi. Kala sikirini. Paralelo poti." Anthu ankagwedeza mutu n'kumati, "Eee, zoona, zoona," chifukwa kwathu kuno munthu wamkulu sanena pagulu kuti sanamve. Akatha ankawathokoza, n'kuwauza kuti akaganizire kaye. Anaganizira mpaka chilimwe chinayandikira kumapeto.

Tsiku lina ndikugula tomato pamsika, mayi wina amene sankadziwa kuti ndine mkazi wawo anakodola mnzake n'kunena kuti, "Taonani, a megabaiti aja akudutsa." Onse anaseka. Ndinayang'ana kumsewu n'kuona amuna anga akuyenda mofulumira ngati ali ndi kopita, kachikwama kali paphewa, kolala ya malaya itayamba kuperepeseka. Manyazi anandigwira mpaka ndinaiwala tomato wanga pabenchi. Choipa kwambiri n'chakuti sindinawaitane. Ndinatembenukira kwa wogulitsa tinsomba ta kapenta mpaka iwo atapitirira.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, ndinawauza kuti atsegule chinthucho andigulitse ineyo.

"Iwe ugula ndi chiyani?" anafunsa.

"Ingondigulitsani. Yambani."

Anayamba nyimbo yawo ija. Atangoti fo eyiti sikisi, ndinawadula. "Ndiye kuti chiyani?"

"Ndi purosesa."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndi chimene chimagwira ntchito yonse m'katimu. Zatsopano zimathamanga kuposa ichi."

"Ine ndikamataipa kalata chidzandichedwetsa?"

"Ayi. Zilembo zimatuluka nthawi yomweyo."

"Ndiye nenani zimenezo! Munthu akufuna kalata, inu mukumuwerengera manambala ngati ali kuchipatala."

Anakwiya, anati ine ndikufuna kuchepetsa chinthu chapamwamba kuti chimveke ngati khasu. Ndinawayankha kuti khasu limagulidwa. Mwana akutiyang'ana, iwo anaseka pang'ono n'kundikankhira laputopuyo.

Tinachita zimenezi masiku ambiri ndikaweruka. Ine ndinali ndi funso limodzi lokha, iwo ankayankha mpaka yankho lifike pa chinthu chimene munthu angachione ndi maso. Ramu ija, anati, ndi pamene chinthucho chimagwirira zimene ukulemba panthawiyo. Eyiti megabaiti ndi yokwanira kulemba makalata ndi kuwerengetsa, koma ukatsegula zambiri nthawi imodzi chimayamba kukwawa, ndipo chikazima usanasunge, zimene unalembazo zapita. Hadi disiki ndiye mosungira zokhalitsa. Nditafunsa kuti firii handiredi fote ndi makalata angati, anawerengera papepala n'kunena kuti ngakhale munthu atalemba tsiku lililonse kwa zaka zambiri sangaidzaze ndi makalata okha. Disiketi, kachinthu kakang'ono kolowa m'thumba la malaya, imanyamula makalata pafupifupi zana. Batire ili yatsopano inkakhala maola awiri, koma yathuyi inali yotopa, sinkakwana ola. Sikirini inkafuna kuti uiyang'ane uli kutsogolo kwenikweni, ndipo panja padzuwa sinkaoneka bwino.

Chimene chinandigwira mtima ine chinali china, chimene iwo sankachitchula n'komwe pogulitsa. Ndinataipa chiganizo n'kulakwitsa liwu limodzi, n'kutukwana monga ndinkachitira kuntchito. Iwo anangodina batani, liwulo linafufutika, ndinalemba lina, ndipo mzere wonse unadzikonza wokha. Ine amene ndinkabwereza tsamba lonse chifukwa cha chilembo chimodzi, amene ndinkapaka mankhwala ofiira pa sitensulo, pepala lochulukitsira makalata, n'kumauzira kuti aume, ndinangoti kukamwa yasa. Anandionetsanso kuti kalata ukaisunga, mawa umangosintha dzina ndi tsiku, yatha. Ndinawafunsa chifukwa chimene sankauzira anthu zimenezi. Anati ankaganiza kuti aliyense akudziwa.

Pomalizira tinafika pa paralelo poti. Anatembenuza laputopu n'kundionetsa kabowo kotalika ka kumbuyo, kokhala ndi timabowo ting'onoting'ono.

"Apa ndi polumikizira purinta," anatero.

"Purintayo ili kuti?"

Anakanda kumutu. Mapurinta a kukampani anatengedwa ndi mabwana malonda asanayambe. Yatsopano inali yodula, ndipo kuno kunalibe sitolo yogulitsa purinta kapena inki yake. Pofuna pepala, munthu anayenera kusunga ntchito yake pa disiketi n'kupita nayo ku Chipata, kumene kunali malo osindikizira.

"Ndiye kuti chinthuchi pachokha sichitulutsa pepala."

"Ndimawauza anthu onse," anatero mokweza. "Ndimanena kuti paralelo poti ilipo."

Anali kunena zoona, ankanenadi nthawi zonse, kungoti palibe amene ankamva.

Wogula amene ndinamuganizira anali pafupi kwambiri, mwina mopitirira muyeso. Amalume anali mlembi wa mpingo wathu wa Pentekoste, ndipo pafupi ndi msika anali ndi kachipinda kotaipiramo anthu makalata ofunsira ntchito, a kukhoti ndi a maliro. Anali ndi taipilaita yakale imene chilembo chake cha e chinkadumpha m'mwamba, ndiponso mashini opukusa ochulukitsira mapepala a sitensulo. Loweruka ndinkawathandiza kutaipa. Maso awo anali atayamba kufooka, ankalakwitsa pafupipafupi, ndipo ankadandaula za mapepala owonongeka. Ndinaona kuti ngati pali munthu mu Chadiza muno amene angamve ubwino wofufuta chilembo popanda kung'amba tsamba, ndi iwowo.

Amuna anga anakana poyamba. Mkamwini sachita malonda ndi apongozi, anatero. Chinthu chikavuta, mlandu wake sukhala wa malonda, umakhala wa ukwati. Ndinawauza kuti mitambo yayamba kale kusonkhana chakum'mawa. Pamapeto pake anavomera, koma panali mwambo woti tiusunge. Iwo sakanatha kukhala maso ndi maso ndi amalume n'kumatamanda katundu wawo, kapena kuwatsutsa, kapena kutchula mtengo. Anayenera kukhala pambali, ine ndikhale pakamwa pawo. Kunena zoona ndinakondwa nazo, chifukwa pakamwa pawo ndinkapadziwa.

Tinapita Lamlungu masana titabwera kutchalitchi. Amalume anakhala pampando wawo wa ndalema m'chipinda chochezera, azakhali pamkeka pafupi ndi khomo. Amuna anga anaika laputopu patebulo, anaiyatsa, n'kubwerera kukakhala pakampando kafupi pakona, maondo ali m'mwamba, maso pansi. Ine ndinagwada pafupi ndi tebulo.

"Tiuzeni akamwini, chinthu chanuchi," anatero amalume, akuyang'ana kwa ine.

Kuchokera pakona kunamveka mawu otsika: "Fo eyiti sikisi."

"Akuti mukamalemba sichikuchedwetsani, amalume. Zala zanu zikafulumira, nacho chimafulumira."

"Eyiti megabaiti ramu."

"Akuti pa ntchito ya makalata n'chokwanira. Kungoti muzikumbukira kusunga zimene mwalemba musanachizimitse."

"Hadi disiki firii handiredi fote."

"Akuti makatoni aja a makope ali pansi pa bedi, amene chiswe chinalowamo chaka chatha, simudzawafunanso. Makalata onse a mpingo ndi a anthu adzakhala muno, ndipo munthu akabwera patapita zaka kudzafuna kalata yake, mudzaipeza iye asanamalize kupereka moni."

Amalume anasendera kutsogolo. Ndinawapempha kuti alembe dzina la mpingo. Analemba ndi zala ziwiri, mwamphamvu ngati akukhoma misomali, n'kulakwitsa. Mwachizolowezi dzanja lawo linapita m'mwamba kukasolola pepala loti ang'ambe. Ndinagwira chala chawo n'kuchiika pa batani lofufutira. Chilembo chinachoka. Anachita kubwereza katatu, kulakwitsa dala n'kufufuta, akuseka ngati mwana.

"Amayi, tabwerani mudzaone," anaitana akazi awo. "Tchimo likufufutika popanda chipsera!"

Ndinawakulitsiranso zilembo kuti aone popanda kutsinzinira. Ndinawauza za kalata yofunsira ntchito, kuti adzailemba kamodzi, ena onse azingosinthira dzina. Mwamwayi, kapena mwatsoka, magetsi anazima tili pomwepo monga ankachitira kawirikawiri, wailesi ya azakhali inangoti zii, koma laputopu inakhalabe yowala. Amuna anga anati, "Batire," ndipo ine ndinati, "Akuti magetsi akathawa ntchito yanu siitayika. Muli ndi nthawi yomaliza kalata ndi kuisunga, koma isakwane ola, chifukwa batireyi ndi yokalamba." Amalume anaomba m'manja. Ndinasuzumira pakona ndipo ndinaona amuna anga atadzutsa mutu, nkhope ikuwala koyamba chibwerere ku Lusaka. Mumtima ndinadzitama kuti ndine mkazi wanzeru.

Za purinta ndinakonza zoti ndizinene pomalizira, zabwino zonse zitakhazikika. Amalume anandipitirira. Anazungulira tebulo, anasuzumira kumbuyo kwa laputopu, anaitukula pang'ono kuyang'ana pansi, n'kufunsa mwachimwemwe chomwe chija:

"Nanga pepala litulukira pati?"

"Paralelo poti," anatero amuna anga, mawu ali pansi kwambiri.

Amalume anayang'ana kwa ine, kudikira kuti nditanthauzire monga ndinachitira ndi zina zonse. Ndikanatha kubwereza mawu achizunguwo n'kuwasiya choncho, iwo akanagwedeza mutu ngati anthu ena onse aja. Koma ndinali nditawazoloweretsa kumva. Ndipo anali amalume anga, amene anandilipirira kosi ya kutaipa.

"Akuti pachokha sichitulutsa pepala, amalume. Chimafuna mashini ena otchedwa purinta, olumikiza apa. Ife tilibe, ndipo kuno sagulitsa. Mukalemba, mumasunga pa kadisiketi aka, n'kupita nako ku Chipata kukasindikiza."

"Ku Chipata."

"Inde."

"Munthu wabwera ndi kalata ya maliro, thupi lili m'nyumba. Ndimuuze kuti adikire ndipite ku Chipata?"

Azakhali anayamba kutola tizinyalala pamkeka pamene panalibe zinyalala. Amalume anabwerera pampando wawo n'kukhala nthawi yaitali akuyang'ana laputopu. Kenako, chinthu chimene sanachite tsiku lonse, anatembenuka n'kuyang'ana amuna anga. Anayang'ana nsapato zawo, kolala ija, manja amene anali atawapana pakati pa maondo. Ine ndinaona zonse, ndipo ndinadziwa chimene chikubwera chisanatuluke.

"Ndigula," anatero. "Mtengo umene akamwini akufuna, ndi womwewo. Chinthu chabwino sichituluka pamudzi."

Akanakana ndikanapirira. Munthu amene wamvetsa bwinobwino kuti chinthu sichimuthandiza, n'kugula osatsitsa n'komwe mtengo, sakugula chinthucho. Tonse anayi m'chipindamo tinadziwa zimenezo, ndipo tinazidziwa chifukwa ine ndinafotokoza momveka bwino kwambiri. Akanakhala kuti amalume anangomva ma megabaiti aja, amuna anga akanatha kudziuza kuti agulitsa katundu kwa munthu amene wamukonda. Ine ndinawachotsera pobisala pamenepo. Amuna anga anagwada, anaomba m'manja kuthokoza monga mwa mwambo. Ine nkhope inandigwa, ndinalakalaka pansi patatseguka.

Walira mvula walira matope. Mvula inagwa, amuna anga sanapite, ndipo anatsegula kagolosale kakang'ono pafupi ndi siteji ya basi. Laputopu inakhala pa kabati ya amalume, azakhali ataifunditsa kansalu koluka, pakati pa wotchi ndi chithunzi cha ukwati wawo. Lamlungu lililonse tikapita kukadya kumeneko inkatiyang'ana. Amuna anga ankakhala mopatsa kabatiyo msana. Usiku sankagona bwino, ndipo kugolosale ankakalipira makasitomala pa zinthu zazing'ono.

Anatsimikiza mtima kuti malonda aja akhale enieni. Mpingo wathu unkakonza msonkhano waukulu wa chitsitsimutso, woitana anthu ochokera ku Zemba, ku Pembamoyo ndi ku Zingalume, ndipo pankafunika mapepala a ndondomeko ndi nyimbo. Kudzera mwa ine, anapempha amalume kuti ntchitoyo ichitikire pa laputopu. Amalume anati, "Zikomo kwambiri, achite." Tinaivundukula, tinaichaja, ndipo ine ndinataipa zonse masiku angapo madzulo, amuna anga akukonza mizere, kukuza mitu, kuika nyimbo m'magawo awiri. Makina ankalemba mzere wofiira pansi pa liwu lililonse la Chichewa chifukwa ankangodziwa Chingerezi, ndipo tinkaseka kuti akutiyesa osaphunzira. Masiku amenewo anali abwino. Anasunga ntchitoyo pa madisiketi awiri, poopa kuti ina ingawonongeke ndi fumbi, anawakulunga m'pulasitiki, n'kukwera galimoto ya m'mamawa Lachitatu. Za ulendo ndi zosindikizira analipira okha, anakana kuti mpingo uwathandize.

Atangonyamuka, amalume anandiitana ku kachipinda kawo ka kumsika. Pa taipilaita panali sitensulo kale.

"Khala apa utaipe ndondomeko ija," anatero.

"Amalume, si apita nayo ku Chipata?"

"Apita, inde, ndipo Mulungu awayendetse bwino. Koma msewu uja nthawi ya mvula ukuudziwa. Alendo abwera Lachisanu. Ine ndikaima bwanji pamaso pa abusa manja ali m'thumba?"

Ndinawachonderera kuti tidikire mpaka Lachinayi madzulo. Anati inki ya sitensulo imafuna nthawi kuti iume. Sanakalipe, amalume sankakalipa. Anangondikokera mpando. Munthu sukana malume ako, makamaka amene anapulumutsa ukwati wako ndi ndalama zake, onse akuona. Ndinataipa misozi ili m'maso, chilembo cha e chikudumpha m'mwamba mzere uliwonse, ndipo ndinalakwitsa kambiri kuposa tsiku lina lililonse.

Msewu sunawavute amuna anga. Anafika Lachinayi masana, tsiku lathunthu msonkhano usanayambe, matope ali m'miyendo ya buluku, katoni ili pamutu atayikuta ndi jekete lawo kuti isanyowe. Sanapite n'kunyumba komwe, analunjika kutchalitchi. Ine ndinali komweko ndi amayi a chigwirizano, titakhala pamikeka pakhonde, tikupinda mapepala a sitensulo aja. Fungo la inki linali ponseponse, ndipo zala zathu zinali zakuda.

Anaima pamasitepe. Anayang'ana milu ya mapepala, anawerama n'kutola limodzi. Chilembo chodumpha chija ankachidziwa, ankadziwanso amene amataipa pamashini amenewo. Sanandiyang'ane. Amayi onse anasiya kupinda.

Amalume anatuluka m'tchalitchi mofulumira, analandira katoni ndi manja awiri, anaitsegula n'kutukula pepala limodzi m'mwamba kuti onse aone. Linali lokongoladi, loyera, zilembo zakuda bwino, mizere yowongoka ngati ya m'buku.

"Taonani ntchito ya akamwini athu!" anatero mokweza. "Awa tiwaika kutsogolo, kwa abusa ndi alendo olemekezeka. Enawa ndi a anthu wamba."

Amayi anaomba m'manja, wina analuluta. Amuna anga anawerama, anathokoza, anabwezera pepala la sitensulo lija pamulu pamene analitola, n'kulisalaza ndi dzanja. Kenako anatsika masitepe n'kumapita. Ine ndinakhala pomwepo ndi zala zanga zakuda, osadziwa poziika. Mayi wina wachikulire anandinong'oneza kuti, "Pita, mwanawe, ukawatenthetsere madzi." Ndinanyamuka, koma ndinayenda pang'onopang'ono kuti ndisawapeze panjira.

Ndinawapeza atakhala pakhonde la kanyumba kathu, asanavule nsapato. Mbale ya ndiwo yochokera kwa azakhali inali itafika kale, ili pawindo, yovundikira. Ndinayamba kufotokoza za msewu, za inki, za amalume. Anatukula dzanja kuti ndisiye.

"Amalume sanalakwe," anatero. "Nanenso ndikanakhala iwo ndikanachita chimodzimodzi."

Anayamba kupala matope a pansapato ndi kamtengo. Kenako analankhula mofatsa, mopanda mkwiyo, ndipo kufatsako ndiko kunandiopsa.

"Iwe umadziwa kufotokoza zinthu kuti munthu amve. Ndinakuona tsiku lija. Tandiyesa ineyo tsono. Ndili ndi satifiketi ya fomu faifi, dipuloma ya za maofesi, zaka zambiri pakampani. Amalume atakufunsa kuti, ndiye kuti chiyani, pakhomo pano zimenezi zikutithandiza chiyani, ungawayankhe kuti bwanji?"

Mayankho ndinali nawo, ndipo ndakhala nawo zaka zonsezi. Ndikanati mwana sagona asanamve mawu anu. Ndikanati ndikamabwera kuntchito n'kuona nsapato zanu pakhomo, mtima wanga umakhala pansi. Koma ndinayamba ndaganiza kaye, monga ndinkachitira ndi ramu ndi hadi disiki, kufunafuna yankho loti amalume angalione ndi maso. Sindinachedwe kwambiri, mwina nthawi yongomeza malovu. Iwo anaona kuti ndikufunafuna.

Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Eee, zoona," ngati mmene anthu a pamsika ankawayankhira iwo.

Golosale anaisiya m'manja mwanga msonkhano utangotha. Anakwera basi ya ku Lusaka m'mawa wa Lolemba, ndi sutikesi ija yokha, ndipo anati adzatiitana zikadzayenda. Lamlungu lotsatira ndinakhala pamzere wa amayi odikira aja, ndipo mmodzi anasendera kundipatsa malo. Titapita kukadya kwa amalume, ndinapeza azakhali atachapa kansalu koluka kaja n'kukabwezera pa laputopu.